Maere a pa Sekondale ya Malata

Mu Ufumu wa Ndiwewayani munthu sathandizidwa asanafunsidwe dzina la malume ake. Likulu la ufumuwo ndi Khomolakuseri, ndipo dzinali silinaperekedwe mwa nthabwala ayi. Nyumba zonse za boma kumeneko zili ndi makomo akutsogolo okongola, opakidwa penti chaka ndi chaka, koma pamakomo amenewo pamamera udzu. Olemera ndi osauka omwe amadziwa njira yozungulira.

M'likulumo munali sukulu ya sekondale imodzi yokha yokhala ndi denga, choncho anthu ankangoitcha Sekondale ya Malata. Kalasi yoyamba inali ndi malo a ana 40. Mwana wosowa malo pamenepo ankapita ku Pansipamkuyu, kumene munthu wonyamuka mbandakucha amafika dzuwa litatentha, ndipo maphunziro ake amayamba mvula ikakata.

Chaka chimenecho kunagwa vuto. Nduna ya Maphunziro ndi Kudula Maliboni, a Zandifika, inapezeka kuti malo 40 aja inawalonjeza kwa anthu oposa 90. Nduna ya Misewu Yamtsogolo nayo inali italonjeza akuchikazi kwake. Nduna Yoona za Mvula inali italonjeza mpingo wonse umene imapempherako. Aliyense mwa olonjezedwawo anali atathokoza kale, ndipo zothokozera zambiri zinali zitadyedwa.

Mfumu Khalapompo Wachisanu inaitanitsa bwalo la nduna. Ndunazo zinalozana zala, zinakumbutsana za makolo awo, ina inafika povula jekete. Mfumu inali chete, maso ali chitsinzinire, mwakuti ena ankaganiza kuti ikulingalira mozama. Itadzuka inafunsa ngati chakudya chafika. Itauzidwa kuti sichibwera mpaka nkhani ithe, nzeru inaitsikira nthawi yomweyo.

"Achite maere," inatero Mfumu. "Ndikasankha ine, mudana ndi ine. Akasankha maere, mukadana ndi ndowa."

Nduna zonse zinaomba m'manja, iliyonse ili ndi chikhulupiriro chakuti ndowa nayo ili ndi khomo lakuseri. Tsiku lomwelo lamulo linalengezedwa m'misika yonse kuti, mwa chikondi chosayerekezeka cha Mfumu pa ana a anthu wamba, malo a pa Sekondale ya Malata agawidwa mwa maere, ndipo aliyense wokayika chilungamo cha maerewo amangidwa mwachilungamo.

Mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo anali Mayi Dolifa Sambakunsi, mayi wamasiye wophunzitsa masamu, wosakonda kuseka pa ntchito. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwandida, anali atakhoza mayeso a pulayimale chaka chomwecho, ndipo naye ankafuna malo pa Malata. A Zandifika anawaitanitsa mayiwo ku ofesi.

"Mayi, maere ali ngati ng'ombe ya pangolo," inatero Nduna. "Imayenda yokha, inde, koma pamakhala wina wogwira chingwe. Mnyamata wanga Dalasoni alipo. Ana a anzanga alipo. Ndipo ndamva kuti inunso muli ndi katsikana. Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mwandimva?"

"Ndamva kuti Mfumu yati maere, bwana."

"Eya, maere. Tamvana."

Nduna inawaperekeza mpaka pakhomo ili yosangalala.

Ku msika wa Tamvakale nkhaniyi inalandiridwa mopanda phokoso. A Bisalomu, telala wa pakhonde la golosale, anati iwo maere amawadziwa bwino, chifukwa chaka cha njala chimanga chinagawidwa mwa maere ndipo mlamu wa mkulu wa maerewo anapambana kasanu ndi kawiri motsatizana. A Nangondo, ogulitsa matimati, amene mwana wawo Lufeyo anali pakati pa ofuna malo, sanatsutse.

"Ine sindidandaula kuti abera," anatero a Nangondo. "Ndingofuna kudziwa kuti nkhuku tikasiye kwa ndani. Kale tinkadziwa. Tsopano ndowa ndikaipeza kuti?"

Posowa ndowa, anthu anakasiya nkhuku kwa Mayi Sambakunsi. Mayiwo anamanga kansalu kolembedwa dzina pamwendo wa nkhuku iliyonse n'kuzibweza kwa eni ake. Kumsika anamasulira kuti mtengo wakwera, ndipo ena anayamba kufunsa mitengo ya mbuzi.

Tsiku la maere bwalo la sukulu linadzaza. Nduna zinakhala pamipando yamanja kutsogolo, makolo pa udzu, ana kumbuyo. Pakati panali tebulo, mphasa yoyalidwa pansi, ndowa yachitsulo yokhala ndi chivundikiro, ndi mabolodi akuda atatu amene anawazula m'makalasi. Mayi Sambakunsi anaima patali ndi tebulolo, manja ali kumbuyo, ndipo analankhula monga amaphunzitsira, osakweza mawu.

"Olemekezeka, makolo anzanga, takulandirani. Ndikudziwa kuti palibe mmodzi mwa inu amene akukhulupirira zimene tichite pano. Sindikupemphani kuti mundikhulupirire. Ndikupemphani kuti mundiyang'anitsitse ngati wakuba, kuyambira pano mpaka timalize.

"Malo alipo 40. Ana amene anakhoza mayeso ndipo analembetsa alipo 160. Maina awo onse ndi awo ali pabolodi loyambalo, akhala pamenepo sabata yathunthu kuti aliyense aone ngati pali dzina la mwana wosakhoza kapena lolembedwa kawiri. Onsewo anakhoza. Lero sitikufunsa kuti wanzeru ndani. Tikugawa madesiki osakwanira. Mwa ana anayi alionse, mmodzi apeza malo, atatu abwerera. Ndiye kuti ambiri a inu muchoka pano okhumudwa ngakhale zonse zitayenda bwino. Ndanena izi poyamba kuti kukhumudwa kwanu kusakhale umboni wakuti mwaberedwa.

"Sitigwiritsa ntchito mapepala. Pepala lina amalipinda kwambiri, lina pang'ono, lina amalinyowetsa, ndipo chala chophunzitsidwa chimazindikira. Tigwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo. Ndi izo zili pamphasa. Zonse ndi za chakumwa chimodzi, kukula kumodzi, kulemera kumodzi. Nambala talemba ndi penti m'kati mwake, kuyambira 1 mpaka 160, ndipo taziyala m'mizere ya khumi khumi kuti muwerenge nokha. Amene apeze chitsekerero chopindika, chokanda kapena chokhala ndi phula, anene tichichotse.

"Nambala sindikupatsani ine. Dzina la mwana likaitanidwa, kholo libwere, litole chitsekerero chimene lafuna, lichionetse kwa anthu, nambalayo ilembedwe pambali pa dzina la mwanayo pabolodi. Kenako kholo lomwelo lichiponye m'ndowa ndi dzanja lake, tonse timve kulira kwake. Mwana mmodzi, chitsekerero chimodzi. Mwana wa nduna chimodzi. Mapasa aliyense chake."

Bambo wina anaimika mkono. "Nanga amene aponye pomaliza, chake sichikhala pamwamba?"

"Chikhala pamwamba mpaka titavundikira ndowa n'kuikhutchumula. Tizikhutchumula tisanatole chitsekerero chilichonse, osati poyamba pokha. Okhutchumula musankha nokha."

"Mankhwala akuloledwa?" anafunsa a Bisalomu, amene analibe mwana pamaerewo koma anatseka makina awo kuti asadzamve za m'maluwa.

"Amene wabwera ndi mankhwala akhale nawo m'thumba. Asakhudze ndowa basi. Akagwira ntchito ali m'thumbamo, ine ndilibe nawo mlandu."

Anthu angapo anakhudza matumba awo.

"Wotola akhale munthu wopanda mwana pano, wopanda m'bale pano," anapitiriza Mayi Sambakunsi. "Mumusankha inu. Apinda malaya mpaka paphewa, ationetsa chikhatho chopanda kanthu nthawi iliyonse asanapise, ndipo timumanga nsalu kumaso. Atola chimodzi chimodzi. Iye sawerenga. Apereka kwa kholo lina, liwerenge mokweza, lina litsimikize, kenako nambala ilembedwe pabolodi lachiwiri motsatana ndi mmene zikutulukira. Chitsekerero chotuluka sichibwerera m'ndowa. Chikagona pamphasa poonekera.

"Oyamba 40 apeza malo. Koma sitiimira pamenepo. Titola mpaka ndowa iume, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, wa nambala 41 ndi otsatira ake akhala pamzere wodikira. Mwana wina akasiya malo, alowa wotsatira pamzerewo, osati wotsatira pamtima panga. Chachiwiri, aliyense wa inu aone chitsekerero chake chikutuluka, adziwe kuti chinalimo. Pomaliza pamphasa payenera kukhala 160, monga poyamba.

"Tsopano chovuta. Maere sadziwa kugawa mokongola. Ana a nduna alipo khumi ndi awiri. Mwa masamu tiyembekeza kuti atatu kapena pafupi ndi apo apeza malo. Koma akhoza kutuluka asanu ndi mmodzi, akhozanso kusatuluka ndi mmodzi yemwe, ndowa ili yosalakwa. Akhoza kupambana ana awiri a nyumba imodzi, mudzi wina wonse n'kubwerera chimanjamanja. Musaweruze maere poona amene wapambana. Muwaweruze poona mmene tachitira. N'chifukwa chake madandaulo onse munene tsopano, tisanatole. Tikayamba, sitibwereza. Maere obwereza mpaka atakomera wina si maere."

Apa a Zandifika anagwedeza mutu movomereza, ndipo ananong'oneza mnzawo wa Misewu Yamtsogolo kuti mayiyu ndi katswiri, chifukwa iwo m'zaka zawo zonse za m'boma sanaonepo munthu wophimba nkhani mwaluso chonchi.

"Chotsiriza," anatero Mayi Sambakunsi. "Mwana wanga Mwandida ali pabolodipo. Mukudziwa kale. Ndinaganiza zomuchotsa, koma anakhoza monga anzake, ndipo kukhala mwana wanga si mlandu. Chitsekerero chake atola ndi kuponya yekha. Ine ndowa sindiikhudza, zitsekerero sindizikhudza, choko sindichigwira. Ndikhala apo pansi pa mtengo. Ndatha."

Panalibe amene anaomba m'manja. A Nangondo anauza mayi amene anakhala naye pafupi kuti mawuwo ndi abwino ndithu, koma iwo akudikira kuona kuti kuba kulowera pati, chifukwa mpaka pano sakupaona ndipo zikuwasowetsa mtendere.

Kusankha wotola kunatenga nthawi kuposa zonse. Aliyense wotchulidwa ankapezeka kuti ndi msuweni wa wina. Abusa anakanidwa chifukwa ali ndi nkhosa zawo. Sing'anga anakanidwa chifukwa theka la matumba a pabwalopo linali ntchito ya manja ake. Potsiriza wina anakumbuka kuti pamsewu pali lole ya simenti yochokera kunja kwa ufumu imene inafa dzana, ndipo dalaivala wake akugona pansi pake kudikira chitsulo chokonzera loleyo. Anakamutenga. Munthuyo sankadziwa aliyense, ndipo atafunsidwa kuti malume ake ndani anatchula dzina limene silinathandize munthu.

Ndowa inazondotsedwa, inagogodwa, ndipo a Bisalomu analowetsamo mutu kufunafuna chipinda chobisika. Makolo anatola zitsekerero zawo mmodzi mmodzi. Ena ankazinunkhiza, ena ankazilankhula. A Zandifika anatolera Dalasoni nambala 1, poganiza kuti aliyense wogwira chingwe sangaiwale nambala imeneyo. Mwandida, mtsikana wamtali wamanyazi, anatola 88, anaionetsa, n'kuiponya osayang'ana kumene kunali mayi ake.

Ndowa inakhutchumulidwa, dalaivala anaonetsa chikhatho n'kupisa. Yoyamba kutuluka inali ya mwana wa wometa tsitsi. Yachiwiri ya mwana wa mlonda. Anthu anati ndi nyambo chabe. Yachisanu ndi chiwiri inali ya Lufeyo, ndipo a Nangondo anaimirira, anayang'ana uku ndi uku, n'kukhalanso pansi. Mwana wa Nduna Yoona za Mvula atatuluka, bwalo lonse linapuma mpweya wa mpumulo, poti dziko linayambanso kuoneka lodziwika. Koma pambuyo pake panatsatira ana a anthu osadziwika okhaokha, ndipo mwa ana a nduna anangotulukanso mmodzi.

Pofika pa malo a 30 a Zandifika anali atasiya kumwetulira. Ankatsokomola moyang'ana kumtengo. Mayi Sambakunsi anakhala pamenepo manja ali pamiyendo, ndipo amene anali pafupi anaona kuti milomo yawo ikuyenda nthawi iliyonse dalaivala akapisa. Anali ndi mantha monga kholo lina lililonse pabwalopo.

"Wake wamusungira kumapeto," anatero a Bisalomu. "Ndi ulemu umenewo. Mwini phwando amadya pomaliza."

Malo a 39 anapita kwa mwana wa wokhoma zidebe. Panatsala malo amodzi. Dalaivala anapisa, kholo linawerenga, lina linatsimikiza. Malo a 40 anapita kwa mtsikana wa nambala 23, amene bambo ake amakumba zitsime.

"Ndiye akhala wa 41," anatero a Bisalomu. "Mawa mumva kuti mwana wina wasamuka."

Wa 41 sanali Mwandida. Wa 50 sanali iye, wa 100 sanali iye. Dalasoni anatuluka pa 131, bambo ake atapita kale kukakhala m'galimoto. Chitsekerero cha 88 chinatuluka pa 152, ndowa ikulira kale ngati yopanda kanthu. Zonse zitatha anaziyalanso m'mizere ya khumi khumi, ndipo zinakwana 160. Ndowa inazondotsedwanso. Dalaivala anamasulidwa nsalu, anafunsa ngati pali amene akudziwa makaniko, n'kubwerera kulole yake.

Mayi Sambakunsi anaimirira. "Pali amene ali ndi chokayikitsa?"

Panalibe. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Ndiwewayani, khamu la anthu linaona chinthu cha boma chikuchitika ndipo linakhulupirira kuti chachitika monga momwe chaonekera. Anthu anabalalika mwakachetechete ngati akuchokera kumanda.

Mawa lake kumsika kunalibe chisangalalo. Olephera anadzuka ndi mkwiyo koma anasowa poutula. Zaka zonse munthu akamanidwa malo ankadziwa womutukwana, ndipo zimenezo zinkamusunga mpaka chaka china. Tsopano bambo wina anayesa kutukwana ndowa, koma anati sizikukoma. Opambana nawo anali pamavuto. A Nangondo ananyamula tambala kupita naye kwa Mayi Sambakunsi, ndipo anabwerera naye.

"Akuti sanachitepo kanthu," anafotokoza a Nangondo. "Ndiye ine ndithokoze ndani? Lufeyo akadzalakwa kusukuluko ndidzapita kwa ndani? Malo opanda mwini wake amakhalitsa?"

"Izo n'zazing'ono," anatero a Bisalomu, akudula ulusi ndi mano. "Ine chikundivuta ndi mtima wa mayi uja. Ndowa inagona kuofesi kwake. Penti inali yake. Mwana mmodzi yekhayo, wamasiyenso. Munthu n'kukhala pansi pa mtengo kumangoonerera?"

"Mwina anayesa koma zinakanika," anatero wogulitsa makala, pofuna kuwateteza.

"Sanayese. Tonse tinaona. Anatifotokozera yekha njira zonse zoberera, n'kuzitseka yekha."

Msika unalingalira mawu amenewa. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sananene kuti wakoyo umutaye. Mayi wina anati iye sangagone tulo podziwa kuti mwana wake ali m'manja mwa munthu wotere, chifukwa wokana kuba kuti athandize mwana wobala yekha, wa eni angamuchitire chiyani atadwala malungo m'kalasi? A Nangondo, amene mwana wawo anapeza malo chifukwa cha maere omwewo, anavomereza ndi chisoni chenicheni. Anati mayiyo ndi wachilungamo, palibe angatsutse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti matendawa anawagwira ali ndi mwana wamng'ono.

Pasanathe sabata nthumwi za makolo zinapita kubwalo la Mfumu. Opambana ndi olephera anayenda limodzi, zimene sizinachitikepo. Anakapeza nduna zili kale m'kati, a Zandifika ali chiimire.

"Mfumu yanga, sindikulankhula chifukwa cha Dalasoni," inatero Nduna. "Ndikulankhula za chitetezo cha dziko. Anthu aona ndi maso kuti chinthu chikhoza kugawidwa popanda malume. Lero ndi madesiki. Mawa adzati feteleza. Mkuja adzabwera ndi ndowa pano n'kunena kuti mipando ya nduna ilipo yochepa."

Mfumu inatsegula maso onse awiri. "Nanga mpando uno?"

"Ulipo umodzi wokha, Mfumu yanga. Ofuna ndi ambiri."

Kenako analowetsa makolo. A Bisalomu, amene anasankhidwa kuwalankhulira ngakhale analibe mwana, anagwada n'kuomba m'manja.

"Wamkulukulu, sitinabwere kudzadandaula za maere. Maere anali oona. Tinawaona tokha, ndipo tikanakonda tikanapanda kuwaona. Tabwera kudzapempha kuti mutipatse mphunzitsi wamkulu amene ali ndi mtima wa kholo."

Mfumu inakhudzidwa kwambiri poona kuti boma ndi anthu agwirizana. Inalamula kuti zotsatira za maere zikhale momwemo, popeza kuzisintha kukanafuna kuti wina agwire ntchito. Inalamulanso kuti maere, pokhala nzeru ya Mfumu, apitirire chaka ndi chaka, koma pofuna kupewa kudzidzimutsa anthu, zotsatira zake zizilengezedwa kutatsala sabata kuti achitike. Ndipo pozindikira luso lawo losowa, Mayi Dolifa Sambakunsi anakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa ku Pansipamkuyu, kumene malo sachepa chifukwa kulibe makoma.

Pa Malata anatumizako mphwake wa a Zandifika. M'mwezi wake woyamba anapeza kuti kalasi ya ana 40 ikhoza kulandira 58 ngati ana a anthu wamba atakhala pansi. Mwa owonjezerawo munali Dalasoni, ndiponso ana awiri a mphunzitsi wamkuluyo, mmodzi wa iwo asanalembe n'komwe mayeso a pulayimale. Kumsika anati uyu ndiye kholo. A Nangondo anakasiya tambala uja, analandiridwa, ndipo anabwerako mtima uli m'malo, ngakhale kuti Lufeyo anali mmodzi mwa okhala pansi.

Sukulu zitatsegulidwa, Mayi Sambakunsi ndi Mwandida anayamba kuyenda limodzi ulendo wa ku Pansipamkuyu. Njira yake imadutsa kumpanda kwa Sekondale ya Malata. Masiku oyamba mtsikanayo ankadutsapo osatembenuka, ndipo sankalankhula mpaka kukafika. Mayi ake ankamva kuwawa, koma ankadziuza kuti mwanayo ndi wanzeru, adzamvetsa.

Tsiku lina, atawoloka mlatho wa mitengo, Mwandida analankhula.

"Amayi, anzanga akuti simundikonda."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ine sindikuti kanthu."

Mayi Sambakunsi anasintha dzanja lonyamulira mabuku. Anayamba kufotokoza modekha kuti mwayi wake unali wofanana ndi wa wina aliyense, mmodzi mwa anayi, kuti chitsekerero anasankha yekha, kuti ndowa inkakhutchumulidwa nthawi iliyonse.

"Ndikudziwa, amayi. Ndinalipo. Munafotokoza bwino, aliyense anamva. Palibe akuti munabera."

"Nanga tsono?"

Mwandida anayenda pang'ono akuyang'ana fumbi la pa nsapato zake.

"Bola mukanayesako, amayi, n'kugwidwa."

Mayi Sambakunsi anatsegula pakamwa. Anali ataimapo pamaso pa nduna ndi makolo a ana 160 osasowa liwu ndi limodzi lomwe, koma apa anangosinthanso dzanja lonyamulira mabuku, ndipo njira inali ikadali yaitali.